Milomo yang'aluka? Onani izi musanagule lipibamu kapena lipisitiki

Kuyambira June mpaka October, dandaulo la milomo youma limakhala ponseponse m'tauni muno. Kumayamba ndi kamphepo kozizira kouma kaja, kenako fumbi, pomaliza dzuwa lootcha. Ambiri akaona milomo yayamba kusupuka amangogula kachubu kalikonse konunkhira bwino, n'kumadabwa kuti patha sabata ziwiri koma sizikusintha. Nkhani yake ndi yakuti chopaka cha pamilomo chili ndi ntchito ziwiri zosiyana: kutsekera chinyezi kuti chisathawe, ndi kutchinga dzuwa. Zambiri zomwe zili m'mashopu zimangogwira ntchito imodzi, ndipo zina zimawonjezera vuto.

Khungu la pamilomo ndi lopyapyala ndipo silitulutsa mafuta ake lokha ngati la pankhope, n'chifukwa chake limauma msanga. Kunyambita sikuthandiza. Malovu akauma amachoka ndi chinyezi chomwe chinalipo, mlomo n'kuuma kuposa poyamba. Dzuwa nalo limawotcha milomo, makamaka wam'munsi chifukwa ndi womwe umayang'ana kumwamba. Kukhala wakuda khungu sikutanthauza kuti milomo ndi yotetezeka, ndipo mlomo wong'aluka womwe ukupsa ndi dzuwa tsiku lililonse umachedwa kupola.

Choyamba kuyang'ana pa kachubu ndi zilembo zoti SPF ndi nambala yake. Akatswiri a khungu amalangiza 30 kapena kuposera apo. SPF 15 imatchinga pafupifupi 93 peresenti ya cheza chowotcha cha dzuwa chotchedwa UVB, SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti, pomwe SPF 50 imafika pa 98. Ndiye kusiyana kwa 30 ndi 50 n'kochepa, musadandaule ngati ya 50 yakukwererani mtengo. Onaninso ngati palembedwa UVA, nthawi zina mkati mwa kabwalo kozungulira. Ichi ndi cheza china chomwe chimalowa mkati mwa khungu, ndipo nambala ya SPF payokha sikuuzani za icho. Ngati pa kachubu palibe SPF paliponse, muzingotenga kuti chitetezo mulibe.

Mukatero tembenuzani, muwerenge tizilembo ting'onoting'ono takumbuyo tija. Maina ake amakhala m'Chingerezi, koma mukawatchula mokweza muwazindikira. Zotsekera chinyezi zabwino ndi petrolatamu, yemwe ndi vaselini wathu wa masiku onse, mafuta a shiya, mafuta a nsatsi ndi dayimethikoni. Pa zotchinga dzuwa, milomo yong'aluka imagwirizana kwambiri ndi zinki okisaidi kapena titaniyamu dayokisaidi, chifukwa kawirikawiri sizinyanyula khungu. Zina monga okisibenzoni zimatchinga dzuwa ndithu, koma anthu ena zimawayabwa.

Zoti muzipewe milomo ikadali ndi ming'alu ndi mentholo, kamfa, fenolo, bulugamu, ndi fungo la minti, sinamoni kapena malalanje. Izi ndi zomwe zimapatsa kuzizirira kapena kuthethetsa kuja, munthu n'kumati mankhwala akugwira ntchito. Ayi ndithu, kumeneko ndi kunyanyuka kwa khungu. Mumapaka, mlomo umauma, mumapakanso, mpaka kachubu kutha vuto lili pomwepo. Chopaka chabwino sichimveka kalikonse pamlomo. Chikawotcha kapena kuyabwa, chisiyeni ngakhale mwachigula modula.

Nanga zokhala ndi mtundu? Mtundu pawokha si SPF. Lipisitiki wochindikala amaphimbako pang'ono, koma popanda nambala simungadziwe kuti akutchinga zochuluka bwanji. Gilosi wonyezimira wopanda SPF satchinga kanthu, ndipo malipisitiki osanyezimira omwe amakhala tsiku lonse osachoka amaumitsa milomo kwambiri. Komabe mtundu uli ndi phindu lake. Zinki okisaidi ndi woyera, moti pamilomo yakuda amasiya kutuwa ngati mwadya ufa. Lipibamu wa zinki wothira mtundu wofiirira kapena wofiira amabisa kutuwako, ndiye kwa ambiri a ife ameneyu ndiye woyenera.

Tiyerekeze ndi mayi wogulitsa tomato pamsika, yemwe amakhala padzuwa kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo mlomo wam'munsi wang'aluka pakati. M'shopu apeza zinthu zitatu. Choyamba ndi gilosi wonunkhira sitiroberi, wopanda SPF. Chachiwiri ndi lipibamu wa SPF 15 wokhala ndi mentholo ndi kamfa. Chachitatu ndi lipibamu wofiirira wa SPF 30, wa zinki okisaidi ndi petrolatamu, wopanda fungo. Choyambacho chikulephera pa dzuwa. Chachiwiri chikutchingako, koma chiziwawa pamng'alu paja ndi kuchedwetsa kupola. Chachitatu ndicho chikugwira ntchito zonse ziwiri.

Kugula kokha sikokwanira, kapakidwe nakonso n'kofunika. Nambala ya SPF amaiyeza chopakacho atachipaka mochindikala, pomwe ambiri timangodutsitsa kamodzi. Mayiwa adutsitse katatu kapena kanayi mlomo uliwonse, kufika m'mphepete mwenimweni. Padzuwa azibwereza pakatha maola awiri alionse, komanso akangodya kapena kumwa, chifukwa chopakacho chimatsalira pa kapu ndi pa chakudya. Ndiye kuti apaka 7 koloko, 9 koloko, 11 koloko, akamaliza nkhomaliro cha m'ma 1 koloko, ndi 3 koloko. Kasanu patsiku. Usiku SPF ilibe ntchito: anyowetse milomo ndi madzi, apake vaselini wamba mochindikala, akagone. Zikhungu zosupuka asamazisende ndi mano kapena zala, zimachoka zokha zikafewa.

Ngati muli kale ndi lipisitiki yemwe mumamukonda koma alibe SPF, pakani lipibamu wa SPF pansi, dikirani mphindi zochepa, kenako lipisitiki pamwamba mosakhula. Vuto lake ndi lakuti pobwereza muyenera kuyambiranso zonse ziwiri, n'chifukwa chake chopaka chimodzi chokhala ndi mtundu ndi SPF chimapepuka. Amuna a kabaza ndi omanga nyumba, nkhaniyi ikukukhudzaninso: opanda mtundu alipo, ndipo chipewa chachikulu chimathandizira. Onaninso tsiku lothera ntchito. Kachubu kopanda tsikuli kapena dzina la wopanga, kapena komwe kakhala kakusungunuka padzuwa pabenchi, nambala yake ya SPF musaikhulupirire.

Mukatsata izi, milomo youma wamba imapola pakatha sabata ziwiri kapena zitatu. Ikapanda kusintha, lekani kusinthasintha machubu, pitani kuchipatala. Zilonda za m'makona mwa kamwa nthawi zambiri zimabwera ndi fangasi, mabakiteriya kapena kuchepa kwa ayironi ndi mavitamini a gulu la B, ndipo lipibamu sangazithetse. Choopsa kwambiri ndi kachigamba kotuwa, kokhakhala, ka pamlomo wam'munsi komwe kamasupuka n'kubwereranso malo omwewo, kapena chilonda chosapola. Kumeneko kungakhale kuwonongeka kwa khungu chifukwa cha dzuwa la zaka zambiri, komwe kumatha kusanduka khansa, ndipo kukapezeka msanga kumachizika. Abale athu achialubino ali pachiopsezo chachikulu pa zimenezi. Iwo asankhe SPF 50, azipaka tsiku lililonse ngakhale kuli mitambo, ndipo kachilonda kalikonse ka pamlomo kosapola akakaonetse kwa dokotala wa khungu mosachedwa.