Asanasaine kalata ya ntchito, amve zomwe ikunena

Makalata ambiri olembera anthu ntchito m'Malawi amabwera m'Chingerezi, ndipo wolandira kalatayo amathamangira mzere umodzi, wa malipiro. Womasulira wabwino amamubweza kuti ayambe ndi ndime zimene zingamupweteke mawa.

Tiyerekeze makaniko amene wapeza ntchito ku kampani ina ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe. Kalata yake ikuti azilandira K400,000 pamwezi, akhala pa pulobeshoni miyezi itatu, ndipo notisi ndi ya mwezi umodzi. Wapita nayo kwa mchemwali wake, mphunzitsi, kuti amumasulire.

Pa pulobeshoni ndi pamene mchemwaliyo ayenera kuchedwapo. Kungoti "achimwene, ayamba akuonani kaye kagwiridwe ka ntchito" n'zoona, koma sizikwanira. Lamulo la zolemba anthu ntchito la 2000 limati munthu wa luso akhoza kuikidwa pa pulobeshoni mpaka miyezi 12, osapitirira, ndipo m'nyengo imeneyi bwana kapena wantchito angathetse mgwirizano nthawi ina iliyonse popanda notisi. Makanikoyu ali ndi ntchito ina ku galaji komwe wakhala zaka zambiri. Ayenera kudziwa asanatsanzike kumeneko kuti mwezi wa notisi umene waumva m'kalata sumuteteza mpaka miyezi itatu ija itatha, pokhapokha kalatayo itanena mwina. Ndi bwinonso kuyang'ana ngati pali mawu olola kampani kutalikitsa pulobeshoniyo, komanso ngati adzapatsidwa kalata yomutsimikizira ntchito.

Notisi imamanga mbali zonse ziwiri, ndipo apa ambiri amapunthwa. Wolandira malipiro pamwezi amachenjezedwa mwezi wathunthu asanachotsedwe, kapena amapatsidwa ndalama za mwezi umenewo. Koma iyenso akangosiya ntchito Lachisanu n'kukayamba kwina Lolemba, amakhala ndi ngongole ya malipiro a mwezi kwa bwana wake.

Kenako K400,000 ija. Womasulira afotokoze kuti si imene idzalowe ku banki. Pa penshoni wantchito amadulidwa K5 pa K100 iliyonse ndipo kampani imaikapo K10, ndiye ngati ndalama yonseyo ikuwerengeredwa penshoni, makanikoyu adulidwa K20,000 pamene kampani iwonjezera K40,000. Msonkho wopita ku MRA uchokanso pomwepo. Alawansi ya nyumba nayo ifunsidwe bwino, ngati ili mkati mwa K400,000 kapena ndi yapadera.

Tchuthi n'chosavuta: masiku osachepera 18 pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pamlungu, 15 kwa wogwira masiku asanu.

Ndime ikakhala yosamveka, womasulira asaikonze ndi nzeru zake pofuna kusangalatsa mbale wake. Ngati kalata ikuti thandizo la kuchipatala liperekedwa "molingana ndi malamulo a kampani", mchemwaliyo anene choncho, ndipo makanikoyo akapemphe malamulowo ku ofesi yoona za antchito, aone ngati thandizolo likuyamba tsiku loyamba kapena pulobeshoni ikatha, komanso ngati mkazi wake ndi ana alimo.