Mzere Ukaleka Kutsika Pakati pa Sipirinti

M'makampani ambiri opanga mapulogalamu a pa kompyuta ndi pa foni, ntchito imadulidwa m'nyengo zifupizifupi zotchedwa masipirinti. Kachitidweka kali m'ndondomeko ya Scrum, yomwe Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza poyera mu 1995. Sipirinti siyipyola mwezi umodzi, ndipo magulu ambiri amakonda ya milungu iwiri. Tsiku loyamba gulu limagwirizana ntchito zomwe likuona kuti lingamalize, kenaka tsiku ndi tsiku limayang'ana tchati chomwe eni ntchitoyi amachitcha bendauni, chosonyeza ntchito yotsala. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Jira amachipeza pa dzina loti Burndown Chart.

Kuwerenga kwake n'kosavuta. M'munsi mwa tchati mwandanda masiku, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Chokwera m'mbali ndi kuchuluka kwa ntchito yomwe sinathe, ndipo kawirikawiri imayezedwa m'mapointi. Pointi si ola: ndi muyeso womwe gulu limagwirizana poyerekeza kukula kwa ntchito ina ndi inzake, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito manambala 1, 2, 3, 5, 8 ndi 13. Patchatipo pamakhala mizere iwiri. Wina ndi wowongoka, wotsetsereka kuchokera pamwamba kukafika pa ziro tsiku lomaliza. Umenewo umangosonyeza mmene zikanakhalira ntchito ikanamatha mofanana tsiku lililonse. Winawo ndiye weniweni, ndipo umatsika ngati masitepe, chifukwa umagwa pokhapokha ntchito ina yathunthu yatha.

Mawu oti "yatha" ndiwo ofunika kuwamvetsa bwino. Gulu lililonse limakhala ndi mgwirizano wa zomwe ziyenera kuchitika ntchito isanatchedwe yotha: pulogalamu yalembedwa, mnzako waiunika, yayesedwa ndipo yapezeka yopanda vuto. Ntchito iliyonse imakhala ndi khadi lake pa bolodi, ndipo mapointi ake amachoka patchati khadilo likalowa m'ndime yomaliza, yolembedwa Done. Khadi la mapointi 8 lomwe langotsala kuyesedwa limawerengedwabe 8, chimodzimodzi ndi lomwe palibe walikhudza. Zili ngati njerwa: ungawumbe zambirimbiri n'kuziyanika, koma womanga amawerenga zokhazo zatuluka mu uvuni.

Tiyerekeze gulu la anthu asanu, anayi olemba pulogalamu ndi mmodzi woyesa, lomwe likupanga njira yolipirira katundu pa foni. Sipirinti yawo ndi ya masiku 10 ogwira ntchito, kuyambira Lolemba, ndipo atenga mapointi 40. Mzere wowongoka uja uzitsika ndi mapointi 4 patsiku. Pofika Lachitatu madzulo amaliza makhadi atatu, a mapointi 3, 5 ndi 3, choncho patsala 29 pomwe mzere wowongoka uli pa 28. Zonse zili bwino. Lachinayi mzere uli pa 29. Lachisanu pomwepo. Loweruka ndi Lamlungu sitiwerenga, popeza mzere umagona ndithu pamasiku opuma. Koma Lolemba madzulo, tsiku lachisanu ndi chimodzi, ukadali pa 29, pomwe wowongokawo wafika pa 16. Kwatsala masiku anayi, ndipo kuti amalize zonse akufunika kupitirira mapointi 7 patsiku, anthu omwe pachiyambi sankafika n'komwe 4.

Bwana wongoona tchati chokha angafulumire kunena kuti anthuwa akhala akungosewera masiku atatu. Tchati sichinanene zimenezo. Chomwe chanena n'chakuti kuyambira Lachinayi palibe khadi lalowa mu Done. Chifukwa chake sichipezeka patchati. Chimapezeka pa bolodi, ndipo ndi komwe munthu wodziwa amathamangira.

Pa bolodi la gulu lathuli patsala makhadi anayi. Atatu, a mapointi 8, 5 ndi 3, aunjikana m'ndime yodikira kuyesedwa. Woyesa ndi mmodzi, ndipo wakhala akulimbana ndi la 8 kuyambira Lachinayi pomwe ena awiriwo akungodikira. Khadi lachinayi ndi lalikulu, la mapointi 13, ndipo anthu awiri akulilembabe. Awiri enawo, ataona kuti gawo lawo latha, ayamba kale kukhudza ntchito za sipirinti yamtsogolo. Aliyense ndi wotanganidwa, ndipo pamsonkhano wa mphindi 15 wa m'mawa uliwonse aliyense amanena zoona akati, "Ndili mkati, zikuyenda." Komabe mapointi 16 aima pakhomo la munthu mmodzi.

Onani masamu ake. Makhadi atatu aja atadutsa lero, potsala pangakhale 13, pansi pa mzere wowongoka. Ndiye kuti gululi silinatsalire kwenikweni pakulemba. Koma pasakhale wodzitonthoza nazo, chifukwa ntchito yosayesedwa sitidziwa ngati ili bwino. Khadi la 8 likabwerera ndi zolakwika Lachinayi lomaliza, nthawi yokonza idzakhala itachepa. Chofunika m'mawa wa Lachiwiri n'chakuti awiri aja asiye zomwe ayamba, atenge makhadi a 5 ndi 3, aliyense ayese lomwe analemba mnzake. Olemba mapulogalamu ena sakonda kuyesa, koma ine ndimaona kuti tsiku limodzi lothandiza woyesa limapindulira gulu kuposa masiku atatu oyamba zatsopano zomwe zidzakaimanso pamzere womwewo.

Khadi la 13 lili ndi vuto lakelake. Ntchito yaikulu chotere, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sipirinti yonse, imagonetsa mzere ngakhale zonse zikuyenda bwino, kenaka n'kuugwetsa kamodzin'kamodzi kumapeto. Ikanadulidwa pachiyambi, mwachitsanzo kulipira komwe kwatheka pakokha, kulipira komwe kwakanika pakokha, ndi uthenga wotsimikizira wogula pawokha, mzere ukanamatsika pang'onopang'ono ndipo vuto likanaoneka msanga.

Bolodi likanatha kuonetsanso zina. Nthawi zina khadi limakhala mu In Progress masiku angapo mwini wake akudikira chinthu chochokera kunja, monga chilolezo cholumikizira pulogalamu yawo ku makina a kampani ina. Apo kulimbikira sikuthandiza, pamafunika munthu woti aimbe foni lero lomwe. Nthawi zina gulu lamaliza mapointi 5, koma tsiku lomwelo wina walowetsa ntchito yatsopano ya mapointi 5, ndipo patchati chojambulidwa kamodzi patsiku ziwirizi zimafafanizana. Jira imalemba zotere m'munsi mwa tchati ndi mawu oti Scope change. Ndipo pena anthu amangoiwala kusuntha makhadi, zomwe zimatha ndi funso limodzi.

Mzere wogona tsiku limodzi si nkhani. Ukagona masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito m'sipirinti ya masiku 10, msonkhano wa m'mawa usinthe kafunsidwe. M'malo moti aliyense anene zomwe wachita, gulu liyambe ndi khadi lomwe layandikira kwambiri ku Done n'kufunsa chomwe chikulitchinga. Zikaoneka kuti zonse sizitheka, akambirane ndi mwini ntchito tsiku lomwelo kuti asankhe zofunika kwambiri pa cholinga cha sipirinti, osadikira Lachisanu lomaliza.

Chomwe ndimadandaula nacho ndi mabwana omwe amasandutsa tchatichi chikwapu. Anthu akakalipiridwa chifukwa cha mzere wogona, amaphunzira msanga kuutsitsa: amakokera makhadi ku Done asanayesedwe, kapena amayamba ndi tintchito tating'ono n'kusiya zovuta kumapeto. Mzere umaoneka bwino sabata imeneyo, koma zolakwika zimakapezeka ndi wogula pamene akulipira, ndipo gulu limazilandiranso ngati makhadi atsopano m'sipirinti yotsatira.