Wagulitsa zambiri, koma wagulitsa bwanji?

Mu Seputembala 2016, banki ya Wells Fargo, imodzi mwa mabanki akuluakulu a ku America, inalamulidwa kulipira chindapusa cha madola 185 miliyoni. Mlandu wake unali wakuti ogwira ntchito m'nthambi zake anali kutsegulira anthu maakaunti ndi makadi a ngongole eni ake osadziwa. Poyamba chiwerengero cha maakaunti okayikitsawo chinali pafupifupi 2 miliyoni, koma kafukufuku wa mu 2017 anachikweza kufika pa 3.5 miliyoni. Bankiyo inali itachotsa kale ntchito anthu pafupifupi 5,300 m'zaka zisanu chifukwa cha mchitidwe umenewu.

Anthu 5,300 sangadzuke tsiku limodzi n'kusanduka akamberembere onse pamodzi. Chinawakankha chinali m'mene ntchito yawo inkayesedwera. Bankiyo inkafuna kuti banja lililonse losunga ndalama kumeneko likhale ndi zinthu zisanu ndi zitatu za bankiyo, monga akaunti yosungira, akaunti yolipirira, khadi la ngongole ndi zina. Nthambi zinkapatsidwa tageti, manambala ankawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo mamanijala ankasanjidwa kuyambira wopambana mpaka wotsalira. Lipoti la bodi ya bankiyo la mu Epulo 2017 linavomereza kuti matageti ena ankaikidwa akuluakulu akudziwa kuti theka lokha la zigawo ndi limene lingawakwanitse. Wokwanitsa ankayamikiridwa ndi kukwezedwa, wolephera ankaopa kutha kwa ntchito. Nyuzipepala ya Los Angeles Times inali italemba kale za phuma limeneli mu Disembala 2013, koma matageti anapitirirabe.

Mtengo wake unali wowawa. Mkulu wa bankiyo, John Stumpf, anatula pansi udindo mu Okutobala 2016, mwezi womwewo umene bankiyo inathetsa matageti a malonda m'nthambi zake. Mu Febuluwale 2018 banki yaikulu ya dzikolo inailetsa kukulitsa chuma chake, chiletso chimene chinachotsedwa mu Juni 2025, ndipo mu 2020 inavomera kulipiranso madola 3 biliyoni.

Funso limene nkhaniyi imadzutsa limafika pa desiki ya manijala aliyense amene amadzaza fomu yowunikira wogulitsa, kaya kampaniyo imagulitsa inshulansi, ngongole, mafoni kapena sopo ndi mafuta ophikira pa holoselo: kodi malikisi angati apite ku kuchuluka kwa malonda, ndipo angati apite ku khalidwe la munthuyo pogulitsa?

Tageti payokha si mdani. Wogulitsa analembedwa ntchito kuti agulitse, ndipo nambala ili ndi ubwino umodzi waukulu, woti simayang'ana nkhope. Imateteza wantchito wolimbikira kwa bwana wokondera. Vuto limabwera nambala ikakhala yolemera kwambiri moti imakwirira china chilichonse, ndipo zimenezi zimatha kuchitika ngakhale pa fomu imene ili ndi gawo la khalidwe.

Chitsanzo chongoyerekeza chingasonyeze m'mene zimachitikira. Kampani yogawa katundu m'magolosale yagawa malikisi 100 motere: 70 a malonda, 30 a khalidwe. Tageti ya wogulitsa aliyense ndi K20 miliyoni pa miyezi itatu. Wofika pa tageti amalandira malikisi 50, ndipo miliyoni iliyonse yopitirira imawonjezera malikisi 4 mpaka kufika pa 70, pamene miliyoni iliyonse yoperewera imachotsa 4.

Wogulitsa woyamba wagulitsa katundu wa K25 miliyoni, ndiye watenga malikisi onse 70. Koma eni magolosale atatu adandaula kuti anawalonjeza kutsitsa mtengo kumene kampani sinavomereze, ndipo mnzake wa pa ntchito wamunenera kuti anamulanda kasitomala wa m'dera lake. Manijala wamupatsa malikisi 9 okha pa 30 a khalidwe. Onse pamodzi ndi 79. Wogulitsa wachiwiri wafika ndendende pa K20 miliyoni, malikisi 50. Palibe dandaulo, mabuku ake ndi olongosoka, ndipo wakhala akuphunzitsa wantchito watsopano njira ya kuderako. Pa khalidwe wapeza 27. Onse pamodzi ndi 77.

Bonasi yaikulu ipita kwa woyamba, ndipo gulu lonse la ogulitsa liphunzirapo kuti kunamiza kasitomala kumalipira malinga ngati manambala akwera. Fomuyo inalembadi za kukhulupirika, koma masamu ake analola kuti malonda agule chikhululuko.

Ena amathamangira kugawa malikisi pakati ndi pakati, 50 ndi 50. Pamenepo pamabuka vuto lina. Munthu waulemu, wokondedwa ndi aliyense, koma amene kwa miyezi sakufika ngakhale pafupi ndi tageti, amayamba kulingana ndi amene akubweretsa ndalama za malipiro a onse. Komanso theka la tsogolo la wantchito limakhala pa maganizo a bwana mmodzi. Kusuntha malikisi kuchoka mbali ina kupita mbali ina sikuthetsa nkhaniyi. Chofunika ndi kusintha zimene zikuwerengedwa ndi m'mene magawo awiriwa akulumikizirana.

Choyamba ndi kuwerenga malonda amene akhazikika, osati amene angolembedwa m'buku. Pa K25 miliyoni ya wogulitsa woyamba uja, tiyerekeze kuti katundu wa K4 miliyoni wabwezedwa chifukwa anamuunjika m'magolosale amene sakanatha kumugulitsa, ndipo K3 miliyoni ndi ngongole imene yapitirira masiku 90 osalipidwa. Malonda enieni atsala K18 miliyoni, malikisi 42. Kuphatikiza ndi 9 aja, ali ndi 51. Wachiwiri wabwezeredwa katundu wa K500,000 yokha, watsika pa 48, ndipo ndi 27 ake ali ndi 75. Palibe amene wasintha kagawidwe ka 70 ndi 30, koma chithunzi chatembenuka, chifukwa khalidwe loipa nthawi zambiri limasiya mapazi m'manambala omwewo. Ku Wells Fargo maakaunti ambiri achinyengo ankangokhala opanda ndalama kapena osagwiritsidwa ntchito. Bankiyo ikanawerenga maakaunti okhawo amene eni ake akuwagwiritsa ntchito patapita miyezi ingapo, phindu lotsegula akaunti yabodza likanachepa kwambiri.

Chachiwiri ndi kusandutsa khalidwe kukhala khomo limene munthu ayenera kudutsa asanafike pa mphotho. Kampani imalemba poyera kuti wopeza malikisi osafika 15 pa 30 a khalidwe sangaikidwe m'gulu la ochita bwino koposa, ndipo salandira bonasi yonse, ngakhale atagulitsa chotani. Zolakwa zina, monga kusaina m'malo mwa kasitomala kapena kubisa chiwongola dzanja, sizichotseredwa malikisi ayi, zimapita ku komiti ya mwambo. Kuno ku Malawi, lamulo la ntchito la mu 2000 limafuna kuti munthu asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito pakhale chifukwa chomveka, ndiponso apatsidwe mpata woyankhapo, choncho fomu yowunikira singalowe m'malo mwa kumva mbali yake.

Maganizo a khomo ameneŵa si atsopano. Jack Welch, amene anatsogolera kampani ya General Electric kuyambira 1981 mpaka 2001, ankagawa mamanijala m'magulu anayi. Wokwanitsa manambala amene akutsatanso mfundo za kampani, ameneyo akwezedwe. Wolephera zonse ziwiri, achoke. Wotsata mfundo koma wolephera manambala, apatsidwe mwayi wina. Gulu lachinayi, la wokwanitsa manambala koma wophwanya mfundo, ndi limene Welch ankati n'lovuta kwambiri kulichitira kanthu, chifukwa palibe bwana amene amafuna kutaya munthu wobweretsa ndalama. Iye ankati ameneyonso ayenera kuchoka.

Komatu khomo limagwira ntchito pokhapokha malikisi a khalidwe akhale ndi umboni. Apa ndi pamene mafomu ambiri amagwera. Mzere wongoti "kukhulupirika" kapena "kugwirizana ndi anzake" umasiya manijala kuti alembe zimene zili kumtima kwake. Kawirikawiri amapatsa malikisi apamwamba pa chilichonse kwa wogulitsa wopambana, poti manambala amuchititsa khungu, kapena amangokumbukira zimene zachitika masabata awiri apitawa. Ena amapatsa aliyense malikisi a pakatikati kuti asadane ndi munthu, ndipo zikatero gawo la khalidwe silisiyanitsanso aliyense, tageti yokha ndiyo imagamula.

Njira yake ndi kulemba khalidwe ngati zochita zooneka. M'malo mwa "kukhulupirika", fomu inene kuti wogulitsa amafotokozera kasitomala mtengo wonse ndi malamulo obwezera katundu asanalipire, ndipo salonjeza zimene kampani sinavomereze. Pa mlingo uliwonse pakhale chitsanzo: malikisi apamwamba akutanthauza chiyani, apansi akutanthauza chiyani. Umboni uchokere m'kaundula wa madandaulo, m'mafoni amene munthu wina wosakhala wogulitsayo amaimbira makasitomala osankhidwa mwachisawawa, m'maulendo amene manijala amaperekeza wogulitsa kumunda, ndi kwa a ku akaunti ndi ku nyumba yosungira katundu, amene amaona zimene bwana saona. Manijala azilemba zochitikazo mwezi ndi mwezi pamodzi ndi tsiku lake, ndipo malikisi asanatsimikizidwe, mamanijala angapo akhale pansi kuyerekeza kuti 20 ya mmodzi ikufanana ndi 20 ya mnzake.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti sikelo yapendekera ku manambala. Malonda amakwera modabwitsa masiku atatu omaliza a mwezi, kenako katundu n'kuyamba kubwerera sabata yoyamba ya mwezi wotsatira. Makasitomala atsopano amachuluka koma ogulanso kachiwiri ndi ochepa. Madandaulo amaunjikana pa mayina omwewo amene ali pamwamba pa bolodi. Ogulitsa atsopano amasiya ntchito asanathe chaka. Ndipo ngati ambiri m'gulu sakufika pa tageti miyezi yotsatizana, choyenera kuunikidwa koyamba ndi tagetiyo pamodzi ndi amene anaiika, poganizira dera, nyengo ndi kupezeka kwa katundu. Wogulitsa wa kumudzi m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, anthu asanakolole, sangayesedwe ndi mlingo wa mnzake wa m'tauni.

Pomaliza pali manijala mwini. Ngati bonasi yake ikudalira malonda a gulu lake okha, ndiye kuti kupereka malikisi otsika a khalidwe kwa wogulitsa wake wamphamvu n'kudzichotsera ndalama m'thumba. Ku Wells Fargo ambiri mwa anthu 5,300 aja anali a m'nthambi, ndipo zilango zazikulu zinafika kwa akuluakulu nkhaniyo itaphulika kale, pamene bodi inalanda Stumpf pafupifupi madola 69 miliyoni ndi Carrie Tolstedt, amene ankatsogolera nthambizo, pafupifupi madola 67 miliyoni. Mu Januwale 2017 bankiyo inayambitsa dongosolo latsopano la bonasi lotsamira pa m'mene makasitomala akuthandizidwira ndi m'mene nthambi yonse ikuyendera, m'malo mwa chiwerengero cha zinthu zimene munthu mmodzi wagulitsa pa tsiku.