Tsitsi ndi la Goku, koma kodi ndi Gokuyo?

Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi ndi kuzidinda pa malaya, pa zikwama ndi pa makoma a mashopu. Mwa anthu a m'makatuni amene makasitomala amandipempha, Goku wa mu Dragon Ball ndiye amabwera kawirikawiri, ndipo ndi yemweyonso amene anthu amamusokoneza kwambiri ndi anzake. Ambiri akaona tsitsi lakuda losongokasongoka lija amangoti ndi Goku basi. Ife ojambula tsitsi ndi nkhope timaziyang'ana pomaliza, chifukwa m'katuni ameneyu tsitsi lomwelo lili pamitu ya anthu angapo, ena abwino, ena zigawenga.

Dragon Ball anaiyambitsa Akira Toriyama wa ku Japan mu 1984, ngati nkhani yojambula ya m'magazini ya Weekly Shonen Jump, ndipo kenaka kampani ya Toei Animation inaisandutsa katuni wa pa kanema, amene amatchedwa anime. M'nkhaniyi tsitsi la Goku ali nalonso bambo ake Bardock, mwana wake wachiwiri Goten, chigawenga china dzina lake Turles, ndiponso Goku Black. Anaterowo dala. Wojambula akafuna kuti woonera adziwe msanga kuti anthu awiri ndi a magazi amodzi kapena a fuko limodzi, amawapatsa mutu wofanana, kusiyana konse n'kukuika kuyambira m'khosi kutsika m'munsi. Ndiye ngati chithunzi chanu chathera m'khosi, mwabisa mbali imene yankho lili.

Choyamba chimene ndimayang'ana ndi kasokedwe ka chovala. Goku wamkulu amavala zovala za nsalu za ochita masewera omenyana: malaya opanda manja otseguka pachifuwa, kamalaya kam'kati ka manja aafupi, lamba wansalu womanga m'chiuno, ndi tinsalu tokulunga pamikono. Bardock ndi Turles savala zimenezi. Iwo ndi asilikali, amavala chovala cholimba choteteza chifuwa, mchira wao atauzunguliza m'chiuno ngati lamba, ndipo nthawi zambiri padiso pamakhala kagalasi koyezera mphamvu za mdani. Kuti musiyanitse awiriwa yang'anani tsaya lamanzere. Bardock ali ndi chipsera chopingasana, ndipo pazithunzi zambiri amakhala atamanga kansalu kofiira pamphumi. Turles alibe chipsera, khungu lake ndi loderapo. Onse awiri anaonekera m'chaka chimodzi, 1990, wina m'katuni wapadera wa pa TV, wina m'filimu, ndipo mpaka lero anthu amawasinthanitsa maina.

Goten ndi Goku ali mwana ndiye amapusitsa ngakhale anzanga ena a ntchitoyi. Apa chinsinsi chili pa manja a malaya. Goten amavala kamalaya kam'kati ka manja aatali ofika pamkono, ndipo mchira alibe. Goku ali mwana mikono yake imakhala pamtunda, nthawi zambiri mchira uli lendelende kumbuyo, ndodo yake yofiira ili kumsana.

Tsopano tione nkhani imodzi mmene inayendera. Bambo wina anabwera ndi chithunzi pafoni, akufuna ndimudindire malaya oti mwana wake avale pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake. "Achimwene, mundiikire Goku uyu, koma uyu wovala zakudayu, ndiye wooneka bwino," anatero. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala, tikuonera limodzi. Malaya akunja anali otuwa moderako, kam'kati kakuda, ka manja aatali, kotseka mpaka m'khosi. Lamba anali wofiira, nsapato zoyera. Pachifuwa panalibe chizindikiro chilichonse. Kukhutu lamanzere kunali ndolo imodzi yobiriwira, ndipo pachala panali mphete. Ndinawauza kuti, "Bambo, uyu si Goku, ndi Goku Black." Ameneyu anaonekera mu Dragon Ball Super mu 2016. Ndi munthu wina dzina lake Zamasu amene analanda thupi la Goku n'kuyamba kupulula anthu, kuyambira pa banja la Goku lomwe. Bambo aja anangoti pakamwa gwi, kenaka n'kunena kuti mwanayo akanawaseka chaka chonse.

Onani kuti pa zonse zimene ndinawerengazo, mtundu wakuda sindiwo unagamula mlandu. Pali anthu ambiri okonda Dragon Ball amene amatenga chithunzi cha Goku weniweni n'kuchipaka mitundu ina pakompyuta. Chikanakhala chotero, malaya am'kati akanakhalabe a manja aafupi, tinsalu ta pamikono tikanaoneka, ndipo khutu likanakhala lopanda kanthu. Munthu akhoza kusintha mtundu m'kanthawi kochepa, koma kuti atalikitse manja a malaya ndi kuwonjezera ndolo ayenera kujambulanso. N'chifukwa chake kasokedwe ndimakakhulupirira kuposa mtundu.

Mtundu umanama m'njira zambiri, ndipo zina ndimaziona tsiku ndi tsiku pa makina anga. Mtundu wa lalanje umene umawala pafoni ukafika pansalu umazirala, nthawi zina n'kupendekera ku kufiira, chifukwa foni imapanga mitundu ndi kuwala pamene makina odindira amasakaniza inki. Malaya a pa kaunjika amene achapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa kwa zaka amasandutsa buluu kukhala wotuwa. Ngakhale eni ake ku Japan sanagwirizane nthawi zonse. Masamba ambiri a m'magazini anali akuda ndi oyera okha, choncho opanga katuni wa pa kanema nthawi zina ankasankha okha mitundu. Zovala za Goku m'katuni woyamba zimaoneka zofiirirapo kusiyana ndi za mu Dragon Ball Z, ndipo Vegeta, mmodzi mwa anthu a m'katuniyu, poonekera koyamba anali ndi tsitsi lofiirira, asanalikonze kukhala lakuda. Komanso Goku mwini wake tsitsi lake limasintha malinga ndi mphamvu: lachikasu, lofiira kuyambira m'filimu ya 2013, la buluu kuyambira mu ya 2015. Lachikasulo Toriyama ananena yekha kuti linkapeputsa ntchito ya womuthandiza, popeza tsitsi loyera papepala silifuna kudzazidwa inki yakuda. Pali mtundu umodzi umene ndimaudalira: mukaona tsitsi la pinki pa munthu wa nkhope ya Goku, ameneyo ndi Black.

Chizindikiro cha pamalaya ndiye chimandisangalatsa kuposa zonse, ngakhale kuti anthu amachiwerenga molakwika. Ndi chilembo cha Chijapani m'kati mwa bwalo loyera, chaching'ono pachifuwa kumanzere, chachikulu kumsana. Chodziwika kwambiri ndi 亀, chimene chimaimira kamba, ndipo ndi cha sukulu ya mphunzitsi wake, Roshi. Chilembochi chili ngati baji ya pa yunifolomu ya sukulu: imakuuzani kumene mwana amaphunzira, koma dzina la mwanayo ayi. Mwa anzake a Goku, Krillin amavala 亀, Yamcha nayenso amavala 亀, pa malaya a mtundu womwewo. Yamcha tsitsi lake likakhala losongoka amamuyandikira Goku ndithu, ndipo chomupulumutsa ndi zipsera za kumaso, china chodutsa padiso, china patsaya.

Phindu lenileni la chizindikiro ndi kukuuzani nthawi. Goku atapita kukaphunzira kwa mphunzitsi wina, Kaio, kumsana kwake kunabwera chizindikiro cha Kaio. Pofika pa dziko la Namek anali atavala 悟, chilembo choyamba cha dzina lake. Nkhondo ya Frieza itatha, pa nthawi ya Cell ndi Buu, malaya ake analibe chizindikiro n'komwe, ndipo 悟 chinadzabweranso mu Dragon Ball Super. Choncho mukaona chikwama cha mwana wa sukulu chili ndi Goku wa tsitsi la buluu atavala 亀, dziwani kuti wopanga chikwamacho anangolumikiza zidutswa zochokera m'nyengo zosiyana. Zimachitikanso kuti wodinda amatembenuza chithunzi kuti chikwane bwino pamalo pake. Zikatero chizindikiro chimasamukira kumanja kwa chifuwa, chilembo n'kuyang'ana cham'mbuyo, ndipo chipsera cha Bardock kapena ndolo ya Black zimapita mbali yolakwika. Kumanzere kumene ndikunena ndi kwa munthu wa m'chithunziyo, osati kwa inu oyang'ana.

Nanga kajambulidwe? Aka kamakuuzani dzanja limene linagwira cholembera, basi. Toriyama anajambulanso anthu a m'masewera a pakompyuta a Dragon Quest kuyambira 1986, ndi a Chrono Trigger mu 1995. Crono wa mu Chrono Trigger ali ndi maso, nsidze ndi tsitsi losongoka la dzanja lomwelo, ndipo ambiri amamuyesa Goku wa tsitsi lofiira, pamene ali ndi kansalu koyera pamphumi ndi lupanga m'chiuno, zinthu zimene Goku sayenda nazo. Mbali inayo, Goku yemweyo amaoneka mosiyana malinga ndi amene wamujambula. Kumayambiriro nkhope ndi minofu zinali zobulungira. Chakumapeto kwa Dragon Ball Z, Tadayoshi Yamamuro akutsogolera kajambulidwe, zonse zinasanduka zamakona, mithunzi yake yakuthwa. M'filimu ya Broly ya 2018, Naohiro Shintani anafewetsanso mizere ndi kuchepetsa mithunzi. Ine ndimakonda ya Shintani, chifukwa thupi limaoneka kuti likhoza kupindika, koma zimenezo ndi zokonda zanga. Onsewa ndi Goku mmodzi, ndipo amene amati wina mwa iwo ndi wabodza chifukwa choti chibwano chasintha akulakwitsa.

Njira yangayi ili ndi polekezera pake. Pa Namek, mdani wina dzina lake Ginyu anasinthana thupi ndi Goku, ndiye kwa kanthawi nkhope, malaya ndi chizindikiro zonse zinali za Goku, m'katimo muli munthu wina. Opanga katuniyo anamuveka Ginyuyo kagalasi ka padiso kaja ndi kumupatsa kamwetulidwe kachipongwe kamene Goku sakhala nako. Popanda kagalasiko, chithunzi chimodzi chokha sichingakuuzeni zoona, mpaka mutadziwa gawo la nkhani limene chachokera.

Ndiye inu amene mukufuna kudinditsa malaya kapena kujambulitsa khoma la shopu yometera, musamatibweretsere mutu wokha. Bweretsani chithunzi chooneka thupi lonse mpaka nsapato, makutu onse awiri ali poyera, ndipo ngati malayawo ndi a mwana, muyambe mwamuonetsa mwanayo tisanayatse makina.