Kuveka thanthwe la mu gemu popanda mikwingwirima

Amene amasewera magemu a pakompyuta anaonapo izi: pansi pali udzu ndi miyala yooneka bwino, koma ukafika paphompho, thanthwe lonse lili mizeremizere yotsika ngati utoto wochucha. Vuto limeneli limachokera m'mene chithunzi cha mwala chinayalidwira pa phirilo.

Phiri la mu gemu ndi chigoba chabe, ndipo pamwamba pake amamatapo chithunzi. Manambala otchedwa UV ndiwo amauza kompyuta kuti kachigawo aka ka chithunzi kakhale pati. Pa mtunda waukulu, opanga magemu amakonda kuponya chithunzicho kuchokera kumwamba. Pachidikha zimayenda bwino. Koma malo akapendekeka madigiri 60, chithunzi chimatamuka kawiri. Pa madigiri 80 chimatamuka pafupifupi kasanu ndi kamodzi, ndipo pakhoma loima chilili kadontho kamodzi kamakokedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Njira imene m'mapulogalamu imalembedwa kuti Triplanar siidalira UV konse. Imaponya chithunzi chomwecho katatu: kuchokera kumwamba, kutsogolo ndi m'mbali. Kenako pa kadontho kalikonse kompyuta imaona kumene thanthwe layang'ana, n'kupereka gawo lalikulu kwa chithunzi chimene chalunjika bwino pamenepo.

Titenge chiphedi chopendekeka madigiri 53. Muvi wosonyeza kumene chayang'ana uli ndi 0.8 cham'mbali, 0.6 chakumwamba ndi 0 chakutsogolo. Tikangogawa motero, cham'mbali chitenga 57 pa 100, chakumwamba 43. Zithunzi ziwirizo zimasakanikirana kwambiri, ming'alu ya mwala imaoneka iwiriiwiri, thanthwe n'kuchita chimbuuzi. N'chifukwa chake manambalawa amayamba awachulukitsa okhaokha:

```
w = pow(abs(n), 4)
w = w / (w.x + w.y + w.z)
```

Tsopano 0.8 wasanduka 0.41, ndipo 0.6 wasanduka 0.13. Mzere wachiwiri ukawakonza kuti onse pamodzi akwane 1, cham'mbali chatenga 76 pa 100, chakumwamba 24, ndipo mwala waoneka wakuthwa. Mukakweza 4 uja mopitirira, msoko umayamba kuonekera pamene zithunzi zakumana. Mukaiwala mzere wachiwiriwo, kuwala kwa thanthwe kumasokonekera, malo opendekeka n'kuda bii.

Mtengo wake ulipo. Chithunzi chilichonse chimawerengedwa katatu, choncho mwala wokhala ndi zithunzi zitatu, cha mtundu, cha mabampu ndi cha kukhakhala, umafuna kuwerenga kasanu ndi kanayi. Pa foni yotsika mphamvu zimenezi zimachedwetsa gemu. Komanso mwala ukamagubuduka pamene chithunzi chinamangiriridwa ku dziko, chithunzicho chimatsala, mwala n'kumadutsa mkati mwake. Wotere mumangirire chithunzi pa iwo womwe.

Kwa ine, njirayi ndi ya matanthwe, dothi ndi mapanga, zinthu zopanda mizere yolongosoka. Pa njerwa kapena zolemba imasokoneza. Wofuna kuyesa atsegule Blender, yomwe ndi yaulere, pa Image Texture asinthe Flat kukhala Box, alumikize Object ya Texture Coordinate, kenako akweze Blend pang'onopang'ono mpaka misoko itazimirira.