Msipu umene mbuzi ziwiri zimadyera limodzi

Khomani zikhomo ziwiri padambo motalikirana mamita 10, ndipo pachikhomo chilichonse mumangirire mbuzi ndi chingwe cha mamita 10. Mbuzi iliyonse idya mozungulira chikhomo chake, ndipo ikakoka chingwe mpaka kuuma, ifika ndendende pachikhomo cha inzake. Pakatipo pali malo amene zonse ziwiri zimafikapo, osongoka uku ndi uku ngati njere ya dzungu. Kodi malowo ndi aakulu bwanji?

Ambiri amangoti ndi theka la bwalo la mbuzi imodzi, koma safika pamenepo.

Chinsinsi chili pansonga ziwiri zija, pomwe mabwalo awiriwa adutsana. Nsonga iliyonse ili pa mamita 10 kuchokera kuchikhomo chilichonse. Ndiye kuti zikhomo ziwiri ndi nsonga imodzi zikupanga thirayango ya mbali zitatu zofanana, ndipo ngodya zake zonse ndi za madigiri 60. Euclid wa ku Alexandria, cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, anayamba buku lake la Elements ndi chojambula chomwechi.

Tsopano imani pachikhomo choyamba, muloze nsonga imodzi, kenako mutembenuke mpaka kuloza inayo. Mwatembenuka madigiri 60 kawiri, kutanthauza 120, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a bwalo. Bwalo lonse ndi π × 10 × 10, pafupifupi masikweya mita 314.2, choncho chigawo chimenechi ndi 104.7. Chikhomo chachiwiri chili ndi chigawo chofanana nacho, ndipo ziwirizi pamodzi ndi 209.4.

Apa ndi pamene anthu amaphonya, poganiza kuti samu yatha. Zigawo ziwirizi zasanjikizana: mathirayango awiri a pakati aja ali m'chigawo choyamba, alinso m'chachiwiri. Tawawerengera kawiri, choncho tiyenera kuwachotsa kamodzi. Thirayango iliyonse ili ndi tsinde la mamita 10 ndi msinkhu wa mamita 8.66, motero kukula kwake ndi theka la 10 × 8.66, lomwe ndi 43.3. Awiriwo ndi 86.6. Tikachotsa 86.6 pa 209.4 patsala masikweya mita 122.8, omwe ndi magawo 39 okha pa 100 a bwalo limodzi.

Woiwala kuchotsa angadzigwire yekha mosavuta. Malowa m'mimba mwake ndi mamita 10, m'litali ndi 17.32, ndiye akukwana m'bokosi la masikweya mita 173.2. Yankho la 209.4 laposa bokosilo, choncho nzosatheka.

Pa chingwe chotalika r, lamulo lake ndi ili:

r² × (2π/3 − √3/2) ≈ 1.228 × r²

Koma limagwira ntchito pokhapokha zingwe zili zofanana ndipo mtunda wa pakati pa zikhomo ukulingana ndi chingwe. Mukasuntha chikhomo chimodzi ngakhale ndi mita imodzi, mbali za thirayango sizifanananso, ngodya ija sikhalanso 120, ndipo muyenera kuyamba mwaipeza kaye musanawerengere china chilichonse.