Ngongole Zitatu pa Benchi Imodzi ya Tomato

Mayi amene nkhani yake tikambe pano ndi wongoyerekezera, ndipo sitimupatsa dzina, koma aliyense amene anachitapo geni mumsika amuzindikira. Amagulitsa tomato mu msika wina ku Lilongwe. M'bandakucha amapita ku Wakawaka kukapikula kwa alimi ndi mavenda obwera ndi katundu kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, n'kukweza madengu ake pa kabaza, ndipo pofika 7 koloko amakhala ataika kale milu pa benchi. Manambala amene tigwiritse ntchito ndi achitsanzo chabe, popeza mitengo ya tomato imasintha sabata ndi sabata. Chofunika ndi kuona mmene amalumikizirana.

Pa masiku awiri alionse amaoda tomato wa K60,000. Akagulitsa bwino amapeza K78,000. Akachotsapo ya kabaza, tikiti ya msika ndi majumbo, zomwe zimakwana K4,000, phindu lake limatsala K14,000, kapena kuti K7,000 patsiku. Lamlungu sagulitsa, ndiye pamwezi amagwira masiku 26 n'kupeza K182,000. Koma pakhomo pamadyedwa tsiku lililonse, Lamlungu lomwe. Ufa, makala, ndiwo, sopo ndi ya lendi zimamutengera K5,000 patsiku, K150,000 pamwezi. Zotsala ndi K32,000. Ndalama imeneyi ndiyo inali mphamvu yake yonse yobwezera ngongole, koma iye anali asanaiwerengepo n'kamodzi komwe.

Ngongole yoyamba inali yooneka bwino. Analowa gulu la amayi asanu, n'kutenga K200,000 ku bungwe lobwereketsa ndalama, chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi kwa miyezi inayi. Zonse pamodzi anayenera kubweza K240,000, kutanthauza K15,000 Lachinayi lililonse kwa masabata 16. Cholinga chinali kukulitsa geni, kuonjezerapo anyezi ndi mbatatesi. Koma sabata yomweyo mwana anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, kenako kumudzi kunagwa maliro a malume ake. Ina inapita ku lendi yomwe inali itatsalira. Anyezi anaoda kamodzi kokha. Geni inakhala momwe inaliri, koma tsopano inafunika kutulutsa K60,000 pamwezi pomwe inkasiya K32,000.

Sindikuona chomudzudzulira pa fizi ndi maliro, chifukwa palibe amene angasiye malume ake osaikidwa kuti akaode mbatatesi. Vuto linali loti kuyambira tsiku limenelo mwezi uliwonse unkaperewera K28,000, ndipo kuperewerako kunkabisala. Lachinayi likafika ankangotapa pa ndalama yoodera, Lachisanu n'kuoda dengu limodzi m'malo mwa awiri. Anzake amati kumeneku ndi kudya mpamba. Ataona kuti benchi yayamba kuoneka yopanda kanthu, anapita ku banki m'khonde ya kudera kwawo, komwe anali ndi masheya, n'kutenga K60,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Mpamba unabwerera, koma pamwezi panaonjezeka K12,000.

Ya katapila inabwera chifukwa cha manyazi. Ngongole ya pagulu ili ndi lamulo loti mmodzi akalephera anzake amusonkhera, ndipo msonkhano sutha mpaka ndalama itakwana. Lachinayi lina tomato anamuwolera, analibe kanthu, ndipo sanafune kuti amayi anayi akhale padzuwa akumuyang'ana. Anapita kwa bambo wina wodziwika kuseri kwa msika. Kumeneko kulibe fomu, kulibe kudikira. Anatenga K20,000, sabata yotsatira K20,000 ina, ndipo pangano linali loti mwezi ukatha abweze K60,000. Akalephera, apereke K20,000 ya pamwambayo, K40,000 ikhalebe. Anapereka choncho miyezi iwiri, ngongole osasuntha.

Apa ndiye panali pozungulira. Ya banki m'khonde inabwezera dzenje la bungwe, ya katapila inapulumutsa Lachinayi, ndipo tingongole ta pafoni tinkatseka masiku apakati. Palibe mmodzi mwa obwereketsawo amene ankadziwa za mnzake. Mabungwe amene ali ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi amatha kufufuza mbiri ya ngongole ya munthu, koma buku la banki m'khonde ndi kope la wakatapila sizifika kumeneko. Munthu yekhayo amene akanatha kuona chithunzi chonse anali mwini wake, ndipo iye ankangoganiza za tsiku lobweza limene lili pafupi.

Pakati pa Okutobala mwana wake wa Fomu 3 anamupeza usiku akuwerenga timakwacha pa mkeka, n'kumufunsa kuti, “Amayi, zonse pamodzi ndi zingati?” Sanathe kuyankha. Anang'amba pepala pakati pa kope, n'kulemba. Ku bungwe kunatsala masabata asanu ndi limodzi, K90,000. Ku banki m'khonde K60,000. Kwa wakatapila K40,000. Kenako analemba zimene iliyonse imadya pamwezi: K60,000, K12,000 ndi K20,000, zonse K92,000, pa geni yosiya K32,000. Mwezi uliwonse ankafunika kupeza K60,000 yomwe kunalibe, ndipo ankaipeza pobwereka.

Pepalalo linaonetsanso china chimene maso sankaona. Ngongole imene inkamusowetsa tulo inali yaikuluyo, ya K90,000, koma imene inkamudya inali yaing'ono. Pa K1,000 iliyonse, wakatapila ankatenga K500 pamwezi. Banki m'khonde inkatenga K200, ndipo gawo lina la ndalamayo likanabwerera kwa iye yemwe pogawana. Ya bungwe inali ndi khalidwe lakelake. Chiwongoladzanja chake anachiwerengera pa K200,000 yonse kuyambira tsiku loyamba, ngakhale kuti sabata iliyonse ngongoleyo inkachepa. Choncho 5 peresenti yolembedwa pa fomu inali yodula pafupifupi kawiri kuposa mmene imamvekera, komanso, malinga ndi pangano lake, kubweza msanga sikukanamuchotsera ngakhale tambala. Inali ndi ubwino umodzi wokha: inali ndi tsiku lothera. Ya katapila inalibe.

Ndiye anayamba ndi katapila. Kumudzi anali ndi mbuzi imodzi yomwe ankaisungira Khirisimasi. Anaimbira mchemwali wake kuti aigulitse, ndipo inapita pa K50,000. Sanadikire kuti mwezi uthe. Anapita kwa bambo uja ndalama ili m'manja, limodzi ndi mayi wina wamkulu wa mu komiti ya msika ngati mboni. “Bambo, mwezi uli pakati. Ndabweretsa K40,000 yanu ndi K10,000 ya masiku amene apitawa. Mufufute dzina langa ndikuona.” Bamboyo ananyinyirika, koma anali atalandira kale K40,000 ya pamwamba pa miyezi iwiri, ndipo ndalama yooneka ndi maso ndi yovuta kuikana. Mboni inali yofunika, chifukwa pa katapila palibe lisiti, ndipo ngongole yotha imatha kudzukanso.

Ku banki m'khonde kunali kovuta mwa mtundu wina, chifukwa kunafunika kulankhula pamaso pa anthu amene amapemphera nawo limodzi. Anali ndi masheya a K70,000. Anapempha kuti azipereka chiwongoladzanja chokha, K12,000 pamwezi, ndipo K60,000 adzaidule pa gawo lake pogawana mu Disembala. Anavomera popeza masheya ake ankaposa ngongoleyo. Magulu ambiri amalola munthu kubwereka kuposa masheya ake, mwina mpaka katatu, ndipo amene watero njira iyi siingamuthandize. Ndi amene mumamva kuti gulu lapita kukamunyamulira matiresi ndi mapoto.

Zitatero panatsala K72,000 pamwezi, pa geni yosiya K32,000. K40,000 yotsalayo inachokera m'mbale ndi pa benchi. Pakhomo anatsika kuchoka pa K5,000 kufika pa K4,000 patsiku: tiyi wopanda buledi, usipa ndi masamba, nyama ayi. Izi zinapulumutsa K30,000. Pa benchi anasintha kaodedwe. M'malo mooda wa masiku awiri, anayamba kuoda wa tsiku limodzi, wosakaniza wakupsa ndi wobiriwira pang'ono, chifukwa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala tomato wakupsa sachedwa kufewa. Wofewa amene kale ankamutaya kapena kumupereka ngati banyira anayamba kumuika m'beseni, 3 koloko masana n'kukamugulitsa motchipa kwa amayi ophika nsima mumsika momwemo. Ngakhale kabaza anali wa tsiku lililonse tsopano, phindu linakwera ndi K500 patsiku, K13,000 pamwezi.

Chinthu chimene chinagwira ntchito koposa chinali cha masiku. Geni yake imalowetsa ndalama tsiku ndi tsiku, koma ngongole imafuna ndalama yambiri tsiku limodzi, ndipo ndalama yokhala m'chikwama cha m'chiuno kuyambira Lachisanu siifika Lachinayi. Anagawa K15,000 pa masiku asanu ndi limodzi, K2,500 patsiku, n'kuonjezera K500 ya banki m'khonde. Madzulo alionse, asanagule ndiwo, ankachotsa kaye ya mpamba wa mawa, kenako K3,000 n'kukaisiya kwa mayi wa komiti uja. Pafoni sanafune kusungapo, chifukwa pomwepo ndi pamene pankabwera mauthenga omuuza kuti akhoza kubwereka. Zotsala ndizo zinkapita kunyumba. Masiku ena zinkakhala K4,500, masiku ena K2,000, ndipo tsiku la K2,000 ankadya za K2,000.

Sizinayende mosalala. Sabata yachinayi mvula yoyamba inagwa, msika unaphwa, ndipo Lachinayi linamupeza ali ndi K11,000. Kale akanathamangira kuseri kwa msika. Ulendo uno anauza gulu lake Lachiwiri, kusanathine, ndipo mmodzi anamuikira K4,000 yomwe anabweza Loweruka popanda chapamwamba.

Kumapeto kwa Novembala anapereka K15,000 yomaliza. Tsiku lomwelo mlangizi wa ngongole anamuyamikira kuti sanaphonyepo sabata, ndipo tsopano akhoza kutenga K300,000. Ambiri amagwera pomwepa, chifukwa mbiri yabwino yobweza imaoneka chimodzimodzi kaya munthu ankabweza ndi phindu kaya ndi katapila. Iye anawerengera pa pepala lija: pa mapangano omwewo akanabweza K360,000, K22,500 pa sabata, K90,000 pamwezi, pa geni yosiya K45,000 akabwerera ku kadyedwe kakale. Anakana. Anzake a pagulu sanasangalale, popeza kutuluka kwake kunachedwetsa ngongole yawo mpaka atapeza wina wolowa m'malo, ndipo mmodzi anasiya kumupatsa moni.

Pogawana mu Disembala anamudula K60,000, n'kutsala ndi K10,000 ya masheya ndi kaphindu kake, pomwe anzake ankanyamula za feteleza ndi zovala za ana. K3,000 ya madzulo sanaisiye. Inapitirira kupita kwa mayi wa komiti, ndipo pofika sabata yoyamba ya Januwale inali itadutsa K80,000. Fizi ya teremu yachiwiri inachokera pamenepo. Tomato wa nthawi ya mvula anadula monga mwa chaka chilichonse, K60,000 sinkadzazanso madengu awiri, ndipo mwezi umenewo anagulitsa dengu limodzi ndi theka, anyezi pang'ono pambali.